Dzimbiri la masamba a khofi: ufa wa kunsi kwa tsamba ndi kajambulidwe kake

Chithunzi chimene alangizi a khofi amalandira kawirikawiri ndi cha mtengo wonse, chojambulidwa patali dzuwa lili paliwombo, masamba ena akuoneka achikasu apo ndi apo, ndipo pansi pake pali funso lakuti kodi amenewa ndi matenda anji. Chithunzi chotere sichingayankhidwe. Tsamba la khofi limasanduka lachikasu pa zifukwa zambiri: kusowa chakudya m'nthaka, kubereka kopitirira muyeso, chilala, madzi oima pa mizu, tizilombo, ngakhale kukalamba chabe. Dzimbiri lili ndi chizindikiro chimodzi chimene zina zonsezi zilibe, ndipo chili kunsi kwa tsamba. Ndi ufa wa mtundu wa khungu la lalanje lakupsa, umene umatsalira pachala mukaukhudza. Ntchito yonse ya wojambula ndi kuonetsa kuti ufawo ulipo, kuti ndi ufadi, ndiponso kuti uli pamalo omwewo pamene pamwamba pa tsamba pali banga lachikasu.

Ena matendawa amawatcha chiwawu, koma dzina limenelo limaphimba matenda ambiri owauka masamba. Pano tikuti dzimbiri, chifukwa ufawo umafananadi ndi wa chitsulo chimene chagona pamvula.

Chifukwa chake ufa uli kunsi

Matendawa amayamba ndi fangasi, mtundu wa nkhungu, wotchedwa Hemileia vastatrix, amene anapatsidwa dzinali mu 1869 atayamba kuwononga minda ya khofi ku Ceylon, dziko limene lero ndi Sri Lanka. Anafika ku Brazil mu 1970, ndipo mu 2012 ndi 2013 anasakaza khofi wa arabika m'mayiko a ku Central America. Ufa umene timauona ndi njere zake. Njere imodzi ndi yaing'ono moti mutandanda pafupifupi 30 ndi pamene zingakwane milimita imodzi, choncho palibe foni imene ingajambule njere imodzi payokha. Chimene kamera imagwira ndi timilu ta njerezi.

Tsamba la khofi lili ndi timabowo topumira kunsi kokha. Njere ikagwera kunsi kwa tsamba n'kupeza dontho la madzi, imamera kamuzu kamene kamakwawa mpaka kupeza kabowo kotero, n'kulowa. Chinyontho cha mumpweya pachokha sichikwanira. Pamafunika madzi enieni, a mvula kapena mame, okhala pa tsamba kwa maola angapo, makamaka usiku, popeza kuwala kwamphamvu kumalepheretsa njere kumera. Kutentha kumene fangasiyu amakonda kwambiri ndi kwa pakati pa madigiri 21 ndi 25, ndipo kukazizira kutsika pa 15 kapena kutentha kupitirira 28 amafooka.

Akalowa amakula mwakachetechete m'kati mwa tsamba, akuyamwa chakudya. Pakatha sabata imodzi mpaka zitatu, pamwamba pamaoneka kadontho kotuwa mwachikasu, kotambalala mamilimita awiri kapena atatu, kokhala ngati padonthera mafuta. Ufa umabwera pambuyo, kawirikawiri patatha mwezi kapena kuposerapo chilowere fangasiyo, malinga ndi nyengo ndi mtundu wa khofi. Potuluka sang'amba khungu la tsamba ngati mmene limachitira dzimbiri la chimanga kapena la nyemba. Amatulukira m'timabowo tomwe tija. Ndiye chifukwa chake kunsi kwa tsamba simuona zotupa kapena ming'alu. Mumaona ngati munthu wawaza ufa pa tsamba losalala. Ndiyenso chifukwa chake chithunzi cha pamwamba pokha chili ngati theka la kalata.

Banga limakula mozungulira, ndipo mabanga oyandikana amalumikizana mpaka kutambalala masentimita angapo. Likakalamba pakati pake pamafa n'kusanduka pa bulawuni, ufa n'kutsala m'mphepete mokha ngati mkombero. Tsamba limathothoka lisanakwane nthawi yake, nthawi zina lili ndi mabanga ochepa chabe. Chotayika chachikulu chimaoneka chaka chotsatira, chifukwa nthambi yopanda masamba siphuka mfundo zatsopano zoti zidzachite maluwa.

Zimene zimanamiza maso

Musanatulutse foni, dziwani zinthu zimene wowerenga chithunzi adzakhala akuyesa kuzichotsapo, chifukwa zimenezo ndizo zikuuzeni chojambula.

Chosokoneza chachikulu ndi banga la diso, loyamba ndi fangasi wa Cercospora. Nalonso limazunguliridwa ndi chikasu, koma pakati pake ndi potuwa ngati phulusa, kenaka mkombero wa bulawuni, ngati diso la mbalame. Limaoneka chimodzimodzi mbali zonse za tsamba ndipo lilibe ufa wa lalanje. Vuto lake ndi lakuti banga lakale la dzimbiri, limene mvula yatsuka ufa wake, limafanana nalo kwambiri. Mukajambula mabanga akale okhaokha, katswiri woona mtima adzakuuzani kuti sangadule mlandu.

Chachiwiri ndi kambozi koboola tsamba, kamene kamadya m'kati pakati pa zikopa ziwiri za tsamba. Kamasiya chigamba chouma cha bulawuni chosazungulira bwino, ndipo mukachikanda ndi chikhadabo kachikopa ka pamwamba kamasendeka ngati pepala, nthawi zina kambozi koyera kali momwemo. Chachitatu ndi ndere zofiira zimene zimamera pa masamba a mumthunzi wachinyezi. Izi zimapusitsa chifukwa mtundu wake ukhoza kuyandikira wa dzimbiri, koma kawirikawiri zimakhala pamwamba pa tsamba, zotukuka pang'ono ngati kansalu kaubweya. Chachinayi ndi kusowa kwa michere: chikasu chake chimatsata misempha ya tsamba ndipo chimafanana mbali zonse ziwiri za msempha wa pakati, pamene mabanga a dzimbiri amagwa mwachisawawa, kulikonse kumene dontho linaima. Musaiwalenso dothi lofiira limene mvula imathovutsira pa masamba a m'munsi. Limapukutika ngati ufa, inde, koma pamwamba pake sipakhala banga lachikasu lolingana nalo, ndipo pakati pa zala limamveka mchenga.

Pali zinthu ziwiri zimene zimakhala pa dzimbiri lenileni n'kumasokoneza mwini munda. Nthawi zina ufa wa lalanje umakutidwa ndi nkhungu yoyera ngati thonje. Ameneyo ndi fangasi wina amene amadya dzimbirilo, si matenda achiwiri. Nthawi zinanso mumapeza timphutsi ting'onoting'ono tofiirira tikuyenda mu ufawo; timadya njere, sitidya tsamba. Zonse ziwirizi zijambuleni mmene zilili, osazichotsa, chifukwa zimatsimikizira kuti pamenepo panali dzimbiri.

Kusankha tsamba

Yambani kuyang'ana m'munsi ndi pakati pa mtengo, cham'kati kumene mame amachedwa kuuma, makamaka pa nthambi zimene zanyamula zipatso zambiri. Mtengo wobereka kwambiri ndi umene dzimbiri limaukonda. Osangoyang'ana: gwirani nthambi, itembenuzeni, muone kunsi kwa masamba onse.

Musasankhe tsamba loipitsitsa. Lija lapsa theka, lodzala mabanga olumikizana, limachititsa chifundo koma silinena zambiri, chifukwa pa malo akufa pamakhala palowa kale mafangasi ena odya zowola. Tengani masamba atatu: lina lokhala ndi timadontho tatsopano totuwa, lina lokhala ndi mabanga apakati okwana ngati theka la sentimita mpaka sentimita imodzi, ufa uli mbuu, ndi lina la mabanga akale. La pakatilo ndilo mboni yaikulu. Thyolani pogwira phesi, ndipo musalisisite kapena kuliika m'thumba la malaya, chifukwa ufa umayoyoka msanga.

Nthawi nayo ili ndi kanthu. Mvula yamphamvu imatsuka ufa, moti banga lamoyo limatha kuoneka lotuwa ndi losalala tsiku lotsatira. Likapuma masiku angapo limatulutsanso wina. Tsamba lonyowa limanyezimira ndipo madontho amabisa ufa, choncho dikirani mame aume. Ngati mwapopera mankhwala a kopa posachedwa, masamba amakhala ndi mawanga obiriwira motuwa amene amasokoneza mtundu. Jambulanibe, koma munene tsiku limene munapopera.

Kuwala, mtunda ndi kugwira foni

Pukutani diso la kamera ndi kansalu kofewa. Foni yokhala m'thumba imakhala ndi mafuta a zala pa galasi, ndipo chithunzi chimatuluka cha chifunga ngakhale zina zonse mutachita bwino.

Jambulani pamthunzi wowala, monga pambali pa khoma kapena tsiku la mitambo. Dzuwa lolunjika limawalitsa pamwamba pa tsamba la khofi, pamene mwachibadwa ndi ponyezimira ngati popakidwa mafuta, ndipo banga lotuwa limasowa m'kuwalako. Fulashi imachita chimodzimodzi, izimitseni. Pansi pa mitengo ya mthunzi palinso msampha wina: kuwala kodutsa m'masamba kumakhala kobiriwira, kamera imayesa kukonza mtunduwo, ndipo ufa wa lalanje umatuluka wachikasu kapena wa bulawuni. Dzuwa la madzulo ndi mababu a m'nyumba zimachita zosiyana, zimafiiritsa chilichonse, moti ngakhale tsamba lokalamba limaoneka ngati ladzimbiri. Mankhwala a zonsezi ndi amodzi: goneketsani tsamba pa pepala loyera, ndipo mbali ina ya pepalalo ioneke m'chithunzi. Wolandira akaona pepala latuluka lobiriwira kapena lofiira adziwa kuti mitundu yonse yapendekera kumeneko.

Pepala loyera lili ndi kavuto kake. Likachuluka m'chithunzi, kamera imaganiza kuti kwawala kwambiri ndipo imadetsa tsamba. Lolani tsamba lidzaze gawo lalikulu la chithunzi, kenaka gusani pa sikirini pamene pali banga kuti kamera iyeze kuwala ndi kulunjika pamenepo. Pa mafoni ambiri, mukasindikiza chala n'kuchisiya kwa kamphindi, zimenezi zimakhoma osasunthanso. Pa iPhone pamalembedwa AE/AF LOCK. Ngati ufa ukuoneka ngati utoto wosalala wopanda timibulu, kuwala kwapyola. Tsitsani pang'ono ndi kachizindikiro ka dzuwa kamene kamatuluka pambali. Mtundu wa lalanje umasefukira msanga pa kamera kuposa wobiriwira, ndiye chifukwa chake tsamba limatha kuoneka bwino pamene banga lafafanizika.

Cholakwika chofala koposa ndi kuyandikira kwambiri. Kamera yaikulu ya mafoni ambiri siona bwino chinthu chimene chili pafupi kuposa masentimita 8 mpaka 10, ndipo ena atsopano amafuna kutalikirapo. Mukapyola malire amenewo, kamera imasiya tsamba n'kulunjika pa udzu wa kumbuyo, ndipo pa sikirini yaing'ono padzuwa simuzindikira. Imani pa masentimita 15 mpaka 20. Ngati banga likuchepa, gusani 2x, koma osakoka kupitirira pamenepo, chifukwa foni imayamba kungotambasula timadontho ta chithunzi n'kusalaza timibulu tomwe mukufuna. Mafoni ena otchipa ali ndi Macro, yojambulira pafupi kwambiri, ya kamera yaing'ono yofooka; yesani njira zonse ziwiri pa tsamba limodzi, kawirikawiri kamera yaikulu itatalikira pang'ono imapambana. Portrait musaigwiritse ntchito, imafufutitsa m'mphepete mwa tsamba mwadala. Zosefera mitundu ndi zokongoletsa nkhope zonse zizime.

Pa mtunda waufupi chonchi, malo ooneka bwino ndi opyapyala, mamilimita ochepa chabe. Tsamba la khofi lili ndi mafunde m'mphepete, ndiye mbali ina ikaoneka ina imafufuma. Lipanikizeni kunsonga ndi kuphesi ndi timiyala kapena zala, osakhudza banga, ndipo foni ikhale yogona molingana ndi tsambalo, osapendeketsa. Tsamirani zigongono pa tebulo kapena pa mawondo. Ikani rula pambali pa tsamba, pa msinkhu womwewo. Kunena kuti banga ndi laling'ono sikuthandiza. Mamilimita atatu ndi mamilimita khumi ndi asanu ndi nkhani ziwiri zosiyana za msinkhu wa matenda.

Mukajambula, tsegulani chithunzi pomwepo n'kuchikulitsa ndi zala ziwiri pa banga. Mukaona timisempha ting'onoting'ono ta tsamba ndi ufa wooneka ngati timibulu ta mchenga, chatheka. Mukaona chigamba cha mtundu umodzi, bwerezani musanachoke.

Zithunzi zimene zimadula mlandu

Tiyerekeze kuti muli ndi mtengo wa arabika wobereka kwambiri, masamba a m'munsi ayamba kuthothoka, ndipo tsamba limene mwathyola lili ndi mabanga achikasu asanu ndi limodzi, lalikulu lili pafupi ndi msempha wa pakati chakunsonga.

Choyamba jambulani pamwamba pa tsamba lonse, rula ili pambali, phesi kumanzere. Kenaka litembenuzeni phesi likhalebe kumanzere, mujambule kunsi konse pa mtunda womwewo. Zithunzi ziwirizi zimagwira ntchito pamodzi: wolandira ayenera kuwerenga mabanga asanu ndi limodzi pamwamba n'kuwapezanso kunsi. Kumbukirani kuti mukatembenuza chonchi, banga limene linali chakumtunda kwa msempha m'chithunzi choyamba limapezeka chakumunsi kwake m'chachiwiri. Kuti pasakhale kukayika, dulani kangodya kakang'ono m'mphepete pafupi ndi banga lalikulu lija. Kadzaoneka mbali zonse. Mukapeza kuti mabanga anayi ali ndi ufa ndipo awiri ang'onoang'ono alibe, zimenezo n'zoyembekezeka, awiriwo ndi aang'ono msinkhu.

Chachitatu ndi chapafupi, cha banga lalikulu kunsi. Apa kuwala kochokera m'mbali kumathandiza: tembenukani kuti kuwala kubwere chopendekera, timilu ta ufa tichite timithunzi. Ngati muli ndi galasi lokulitsa la 10x, ligwirizitseni pa diso la kamera n'kusuntha foni pang'onopang'ono mpaka banga lioneke. Mudzaona timagulu ta ufa tobalalika, kalikonse pa kabowo kake.

Chachinayi ndi chimene anthu ambiri sachiganizira, koma ndicho champhamvu koposa. Tengani kapepala kofewa koyera kapena thonje, pukutani theka la bangalo kamodzi, n'kugoneka kapepalako pambali pa tsamba. Jambulani zonse pamodzi: mzere wa lalanje pa pepala, theka la banga lopukutidwa, theka lili ndi ufa. Ngakhale foni yofooka imaonetsa zimenezi, ndipo banga la diso, kambozi ndi kusowa michere sizingasiye mzere wotero. Muchite zimenezi pomaliza, chithunzi chapafupi chitajambulidwa kale. Chala chimathanso kugwira ntchito, koma mtundu wa khungu umabisa ufa wochepa.

Chachisanu, kwezani tsamba la timadontho tatsopano lija kumwamba, kuwala kudutse kuchokera kumbuyo, dzuwa lenilenilo lisalowe m'chithunzi. Timadontho timene sitinaoneke pa tebulo timawala ngati timawindo totuwa. Chithunzi chimenechi sichitsimikizira dzimbiri pachokha, koma chimaonetsa kuchuluka kwa zimene zikubwera.

Potsiriza bwererani ku mtengo. Jambulani nthambi imodzi yonse kuchokera pa thunthu mpaka kunsonga, kuti mfundo zopanda masamba ndi kuchuluka kwa zipatso zioneke, kenaka mtengo wonse pamodzi ndi pansi pake pamene pagwera masamba. Chithunzi cha patali chija tsopano chili ndi ntchito: chikunena kukula kwa vuto, dzina lake litadziwika kale.

Ngati ufa palibe

Nthawi zina mumapeza timadontho totuwa tokhatokha. Pamenepo musakakamize yankho. Mangani kaulusi pa nthambiyo, jambulani tsamba lili pamtengo mbali zonse ziwiri, mubwerenso patatha sabata imodzi kapena masiku khumi kudzajambula tsamba lomwelo. Dzimbiri limadziulula lokha: kadontho kamakula ndipo kunsi kumatuluka ufa. Pa mitundu ya khofi yopirira, monga ya Catimor imene inachokera ku khofi wotchedwa Timor Hybrid, timadontho tina timaima pomwepo osatulutsa ufa, chifukwa tsamba latsekereza fangasiyo. Koma mukapeza ufa wochuluka pa khofi amene munauzidwa kuti ndi wopirira, zithunzi zanu ndi zofunika kwambiri kwa ofufuza, chifukwa fangasiyu ali ndi mitundu yambiri ndipo ina yagonjetsa kale kupirira kumeneku m'mayiko ena. Pamenepo nenani dzina la mbewu ndi kumene mbande zinachokera.

Kutumiza

Mapulogalamu otumizira mauthenga amapanikiza zithunzi kuti zipepuke, ndipo choyamba kutayika ndi timibulu ta ufa. Pa WhatsApp tumizani kudzera pa Document, kapena gusani HD. Pa imelo sankhani kukula kwake kwenikweni. Musajambule sikirini n'kutumiza chimenecho, ndipo musawonjezere mtundu kuti ufa uoneke bwino. Ngati netiweki ndi yofooka, dulani chithunzi kutsale banga ndi kachigawo ka rula, m'malo mochepetsa chithunzi chonse.

Onjezani mawu ochepa amene kamera singanene: mtundu wa khofi ndi zaka zake, kukwera kwa malo ngati mukukudziwa, kaya ali pamthunzi kapena padzuwa, mvula inagwa liti komaliza, munapopera chiyani ndipo liti. Kenaka perekani nambala. Sankhani mitengo khumi yobalalika m'munda wonse, osati ya m'mbali mwa njira yokha kapena yodwalitsitsa. Pa uliwonse tengani nthambi imodzi yobereka ya pakati, werengani masamba ake onse, muwerengenso amene ali ndi banga la ufa ngakhale limodzi. Mukapeza masamba 120 ndipo 18 ali ndi ufa, gawani 18 ndi 120 n'kuchulukitsa ndi 100. Mupeza 15 pa 100 alionse. Lembaninso mfundo zimene masamba athothoka kale, chifukwa tsamba logwa siliwerengedwa, ndipo munda wosakazika kwambiri ukhoza kupereka nambala yaing'ono monyenga.

Nambala imeneyi ndi imene imasintha malangizo. Mankhwala a kopa amakhala pakhungu la tsamba n'kupha njere pamene ikumera. Salowa m'kati, choncho sachiza banga limene laoneka kale, ndipo sathandiza ngati sanafike kunsi kwa masamba. Mankhwala olowa m'tsamba amatha kuimitsa fangasi amene wangolowa kumene. Mlangizi amasankha pakati pa ziwirizi poona kuchuluka kwa masamba a ufa, kuchuluka kwa timadontho tatsopano pa chithunzi chowunikira kumbuyo chija, ndi miyezi ya mvula imene yatsala.

Mukafunsidwa kutumiza masamba enieni, ayaleni osapindika pakati pa mapepala ouma n'kuwaika mu envulopu ya pepala. M'jumbo ya pulasitiki amachita thukuta, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu nkhungu zina zimakuta banga lonse. Mukamaliza sambani m'manja ndi kukutumula zovala musanalowe m'munda wina kapena ku nazale, chifukwa ufa umene unatsalira pa kapepala kaja umatsaliranso pa manja a malaya.